Potaziyamu akatsika mwa wodwala bipi, tiloleni tifufuze chimene chamutsitsa

Kwa inu akuluakulu amene mumalemba malangizo a chithandizo cha kuthamanga kwa magazi, amene mumayang'anira malabotale, ndi amene mumasankha mankhwala oti azipezeka m'zipatala,

Mabwana ndi madona, ndikupempha chiganizo chimodzi m'buku la malangizo, ndiponso zinthu zingapo zoti chiganizocho chigwire ntchito. Chiganizocho ndi ichi: munthu aliyense wa bipi yokwera amene wapezeka ndi potaziyamu wotsika m'magazi, kaya akumwa mankhwala okodzetsa kaya sakumwa, afufuzidwe ngati thupi lake silikupanga homoni ya aludositeroni yochuluka mosayenera. Panopa chimene ambiri a ife timachita tikaona potaziyamu wa 3.0 mmol/L ndi kulemba mapiritsi a potaziyamu, kuloza chala mankhwala okodzetsa, n'kuitana wodwala wotsatira. Mwezi wamawa potaziyamu amatsikanso, ife timalembanso mapiritsi omwewo. Zaka zimatha motero, mpaka tsiku limene munthuyo adzabwere atanyamulidwa chifukwa cha sitiroko.

Matenda ndikunenawa si achilendo. Mu 1954 dokotala wina wa pa yunivesite ya Michigan, Jerome Conn, anaona mayi wa zaka 34 amene kwa zaka zambiri ankafooka mpaka kulephera kuyenda, minofu ikumukokana, bipi ili yokwera, potaziyamu ali wotsika kwambiri. Madokotala atamuchita opaleshoni anapeza chotupa pa adirino, kachiwalo ka pamwamba pa impso, ndipo atachichotsa mayiyo anachira. Conn anafalitsa nkhaniyi mu 1955, n'chifukwa chake ena amawatcha matenda a Conn. Tsoka lake n'lakuti mabuku ambiri anawaika m'gulu la matenda osowa, oti wophunzira awaloweze pokonzekera mayeso basi. Kafukufuku wa zaka za m'mbuyomu waonetsa zina: pa anthu 100 a bipi yokwera, pakati pa 5 ndi 10 ali ndi vutoli, ndipo pa amene bipi yawo ikukana kutsika ngakhale akumwa mitundu itatu ya mankhwala, limapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa asanu alionse. Mukayang'ana mzere wa anthu odikira pa kiliniki ya bipi tsiku lililonse, dziwani kuti alimo.

Ndiloleni ndifotokoze mmene zimachitikira, chifukwa munthu akamvetsa izi, zotsatira za ku labotale zimadziwerenga zokha. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono ka adirino. Chigawo chakunja cha kachiwaloka chimapanga aludositeroni, imene ntchito yake ndi kuuza impso kuti zisunge sodiyamu ndi madzi, n'kutaya potaziyamu ndi asidi mumkodzo. Thupi likakhala bwino, aludositeroni simangodzipangira. Impso zikaona kuti madzi kapena mchere zachepa, zimatulutsa renini, ndipo renini imayambitsa zinthu zimene pamapeto pake zimadzutsa adirino. Madzi akakwanira, renini imatsika, aludositeroni nayo imatsika. Renini ili ngati kapitawo, aludositeroni ndiye wantchito. Pa matendawa kapitawo anaweruka kalekale, koma wantchito akupitirizabe kutunga madzi ndi kuthira mchere usiku ndi usana. Ndiye chizindikiro chake chenicheni ndi ichi: aludositeroni yokwera kapena yosatsika pamene renini yatsikiratu.

Chimene chimachititsa nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa ziwiri. Mwina pali kachotupa kosakhala khansa pa adirino imodzi, kamene kaŵirikaŵiri sikafika masentimita 2, kapena ma adirino onse awiri akupanga homoniyo mopitirira. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa yoyambayo opaleshoni ikhoza kuithetsa, pamene yachiwiriyo ndi ya mankhwala moyo wonse.

Wodwala wotere satupa miyendo. Anthu ambiri amadabwa nazo, poti thupi likusunga mchere ndi madzi, koma madzi akawonjezeka pang'ono impso zimayamba kutaya sodiyamu kudzera njira zina, ndipo thupi limaima pa mlingo watsopano wopanda kutupa. Kutayika kwa potaziyamu kokha n'kumene sikuima. Choncho madandaulo amene timamva ndi oti miyendo ndi yolemera pokwera masitepe kapena podzuka pampando, akatumba amakokana usiku, manja amachita dzanzi, mtima umagunda modumphadumpha, ndipo munthu amadzuka katatu kapena kanayi usiku kukakodza, ludzu lili tho. Wina amayezedwa shuga kangapo n'kupezeka alibe, kenaka amauzidwa kuti ndi kutopa chabe.

Mwina mudzafunsa kuti, bipi ikangotsika, zili ndi kanthu kuti yayamba ndi chiyani? Zili ndi kanthu. Aludositeroni yochuluka pamodzi ndi mchere imawononga mtima, mitsempha ndi impso mopitirira mmene bipi yokha ingawonongere. Kafukufuku wophatikiza mafukufuku ambiri amene anatuluka mu 2018 anaonetsa kuti, poyerekeza ndi anthu a bipi wamba, odwalawa amadwala sitiroko kuposa kuwirikiza kawiri, ndipo vuto la kugunda kosalongosoka kwa zipinda za pamwamba za mtima limawagwera kuposa kuwirikiza katatu. Munthu akhoza kukhala ndi nambala zooneka bwino pa makina oyezera bipi chifukwa cha mankhwala anayi, koma mtima wake ukukhuthala ndi kuuma mkati.

Tsopano tiyerekeze wodwala mmodzi. Nambala zake ndazisankha kuti zikhale chitsanzo, koma aliyense wogwira ntchito pa kiliniki ya bipi amuzindikira. Ndi mayi wa zaka 42, bipi inamuyamba ali ndi zaka za m'ma 30. Akumwa amulodipini 10 mg, enalapirili 20 mg ndi haidirokolorothayazaidi 25 mg, ndipo amamwadi mokhulupirika, mapaketi opanda kanthu amabwera nawo. Bipi yake lero ndi 168/104. Magazi aonetsa potaziyamu 2.9 mmol/L, pamene woyenera ndi pakati pa 3.5 ndi 5.0. Sodiyamu ali 144, kumtunda kwa mlingo woyenera, ndipo baikaboneti ali 31, kutanthauza kuti thupi likutaya asidi.

Apa m'pamene ambiri timasochera. Timati haidirokolorothayazaidi amatsitsa potaziyamu, ndipo n'zoona. Koma pa mlingo wa 25 mg amatsitsa pang'ono, mwa anthu ambiri osafika theka la mmol/L. Komanso mayiyu akumwa enalapirili, mankhwala amene amakweza potaziyamu. Munthu amene wafika 2.9 ali pa mankhwala awiriwa pamodzi, chilipo china chimene chikukankha potaziyamu kunja. Ndipo taonani sodiyamu: mankhwala okodzetsa a mtunduwu amakonda kutsitsa sodiyamu, koma mwa iyeyu ali kumtunda. Mankhwala okodzetsawo sanabweretse vuto, angoliulula.

Choyamba n'kufunsa zinthu zosafuna makina. Kodi akutsekula m'mimba kapena kusanza? Kodi akumwa mankhwala ena osalembedwa, monga ofewetsa m'mimba, masiteroidi, kapena zinthu zokhala ndi likorishi, chomera chimene chimatsanzira matendawa ndendende koma aludositeroni ili yotsika? Ngati palibe, mankhwala okodzetsa aimitsidwe, potaziyamu abwezeretsedwe, ayezedwenso. Mwa mayi wathuyu, patatha masabata anayi osamwa okodzetsa, potaziyamu ali 3.2 basi. Pamenepa chifukwa chakale chija chatha mphamvu. Ngati labotale ingathe, mkodzo wa maola 24 umamaliza nkhani: thupi losowa potaziyamu limayenera kumuumira, ndiye ngati mumkodzo mukutuluka woposa 30 mmol pa tsiku, impso zikumutaya dala. Mayiyu akutaya 48.

Mayeso otsatira ndi a aludositeroni ndi renini, otengedwa nthawi imodzi. Ndikhala pang'ono pa mayesowa, chifukwa ndaona zotsatira zambiri zonama, ndipo zotsatira zonama zimatseka chitseko kwa zaka. Wodwala akangolembedwa kuti "anayezedwa, alibe," palibenso amene adzaganizireko.

Msampha woyamba ndi potaziyamu yemweyo. Potaziyamu akatsika, adirino imachepetsa kupanga aludositeroni, ngakhale adirino yodwala. Mukatenga magazi a mayiyu tsiku limene potaziyamu ali 2.9, aludositeroni ikhoza kuoneka yabwinobwino, inu n'kumumasula. Choncho akwezedwe kaye kufika pafupifupi 4.0, ndipo nthawi zina pamafunika mapiritsi ambiri ndithu kwa masiku angapo. Msampha wachiwiri ndi mchere. Tawauza odwala athu kuti achepetse mchere, ndipo n'zoyenera, koma kuchepetsa kwambiri kumakweza renini n'kubisa matendawa. Masiku oyandikira mayeso munthu asadzimane mchere.

Msampha wachitatu ndi mankhwala. Okodzetsa, enalapirili ndi anzake, komanso losatani ndi anzake amakweza renini, motero akhoza kubisa matenda. Atenololu ndi a gulu lake amatsitsa renini, motero akhoza kuonetsa matenda pamene palibe. Sipironolakitoni ndiye amasokoneza kwambiri, ndipo malangizo a 2016 a Endocrine Society, bungwe la akatswiri a mahomoni, amati asiyidwe masabata anayi mayeso asanachitike. Pamene pakufunika kusintha mankhwala, verapamilu wosungunuka pang'onopang'ono, dokisazosini ndi haidiralazini sasokoneza kwenikweni. Koma ndikupemphani kuti musalembe malangizo okakamiza kuti wodwala aliyense asiye mankhwala onse asanayezedwe. Lamulo lotero n'limene lachititsa madokotala ambiri kusayeza n'komwe, chifukwa palibe amene angalole munthu wa bipi ya 170 kukhala mwezi wopanda mankhwala. Yezani ali pa mankhwala ake, kenaka werengani zotsatira mukudziwa mbali imene mankhwalawo akukankhira. Renini ikapezeka yotsikiratu mwa munthu amene akumwa enalapirili, umboniwo ndi wamphamvu kuposa poyamba, popeza mankhwalawo anayenera kuikweza koma alephera. Kusintha mankhwala kudikire pamene zotsatira zatuluka zosamveka.

Magaziwo atengedwe m'mawa, munthu atadzuka ndi kuyendayenda kwa maola awiri, atakhala pampando mphindi 5 mpaka 15. Ndipo kwa inu a malabotale, pali kanthu kamodzi kamene kamawononga mayeso ambiri mwakachetechete: botolo la renini lisaikidwe pa ayezi kapena m'firiji wamba. Kuzizira koteroko kumasandutsa renini yogona kukhala yogwira ntchito, nambala imakwera, matenda amabisala. Lipite ku labotale pa kutentha kwa m'chipinda, madzi ake apatulidwe msanga, ndipo ngati akutumizidwa kutali aumitsidwe mwachangu mpaka gwa. Namwino wakhama amene anaphunzitsidwa kuti magazi a mahomoni amasungidwa pozizira adzalakwitsa chifukwa cha khama lake lomwelo, pokhapokha pa fomu palembedwe.

Zotsatira za mayi wathu zabwera: aludositeroni 24 ng/dL, renini 0.2 ng/mL/h. Mukagawa yoyambayo ndi yachiwiriyo mupeza 120. Malire amene ambiri amagwiritsa ntchito pa miyeso imeneyi ndi 30, ena 20, ndiye iyeyu wapitirira kutali. Koma musadalire nambala yogawayo yokha. Munthu wina wachikulire akhoza kukhala ndi aludositeroni 4 ndi renini 0.1, kugawa kwake n'kutuluka 40, pamene aludositeroni yake ndi yochepa ndithu. Nambalayo yakwera chifukwa cha renini yokha. N'chifukwa chake lipoti liyenera kuonetsa nambala zonse zitatu, ndipo wowerenga afunse mafunso awiri: kodi renini ili pansi pa 1, nanga kodi aludositeroni yafika 10 kapena kupitirira? Chonde labotale ilembenso malire ogwirizana ndi miyeso yake. Ena amayeza aludositeroni mu pmol/L, pamene 1 ng/dL ndi pafupifupi 27.7 pmol/L, ndipo ena amayeza kuchuluka kwa renini m'malo mwa mphamvu yake. Dokotala akatenga malire a 30 n'kuwaika pa miyeso ina, apeza matenda mwa aliyense kapena sawapeza mwa wina aliyense.

Nambala ziwirizi zimasiyanitsanso matenda ofanana nawo. Renini ndi aludositeroni zikakwera zonse, ganizirani za kuphinjika kwa mtsempha wopita ku impso kapena mphamvu ya okodzetsa. Zikatsika zonse, ganizirani za likorishi, matenda a Cushing, kapena matenda obadwa nawo a Liddle.

Pa odwala amene zotsatira zawo zili pakatikati pali mayeso otsimikizira. Odziwika kwambiri ndi diripi ya madzi a mchere a 0.9%, malita 2 kwa maola 4. Mwa munthu wabwino aludositeroni imatsika pansi pa 5 ng/dL, ikakhalabe pamwamba pa 10 matenda alipo. Diripi yotereyi si ya munthu wa mtima wolephera kapena bipi yokwera mowopsa. Mayi wathu saifunikira: potaziyamu wotsika popanda okodzetsa, renini yotsikiratu, ndi aludositeroni yoposa 20 ng/dL zikakumana mwa munthu mmodzi, malangizo a 2016 aja amalola kupitirira osatsimikiziranso.

Chotsatira ndi sikani ya CT ya ma adirino, ndipo apa ndikupempha kuti mulembe chenjezo lomveka. Sikani imaonetsa maonekedwe, sionetsa kumene homoni ikuchokera. Anthu ambiri akamakula amakhala ndi tizotupa pa adirino tosapanga kanthu, ndipo kachotupa kenikeni koyambitsa vuto kakhoza kukhala kakang'ono kosaoneka, kali mbali inayo. Tiyerekeze kuti mwa mayiyu sikani yaonetsa kachotupa ka masentimita 1.4 kumanzere. N'zotheka kuti ndi komweko. N'zothekanso kuti ma adirino onse awiri ndi olakwa, kachotupako kangopezekapo. Pamene ofufuza anayerekeza sikani ndi mayeso otenga magazi m'mitsempha ya adirino mbali zonse ziwiri, ziwirizo zinasemphana mwa odwala oposa mmodzi pa atatu alionse. Mayeso a m'mitsemphawo ndi ovuta, makamaka kumanja kumene mtsempha wake ndi waufupi ndipo umalowa molunjika mu mtsempha waukulu, choncho amafuna manja ozolowera. Amene angapite ku opaleshoni popanda mayesowa ndi wosakwana zaka 35, wa potaziyamu wotsika popanda okodzetsa, aludositeroni yokwera kwambiri, ndi kachotupa koonekeratu mbali imodzi, inayo ili bwino. Mayi wa zaka 42 sali m'gulu limenelo.

Opaleshoni ikachitika pa munthu woyenera, vuto la homoni ndi potaziyamu limatha mwa odwala oposa 9 pa 10 alionse. Bipi ndi nkhani ina. Kafukufuku wa mayiko angapo wa 2017 anapeza kuti amene anasiyiratu mankhwala a bipi anali 37 pa 100, ndipo ena 47 pa 100 anapeza bwino koma akumwabe mankhwala ochepa. Amene amachira kotheratu kaŵirikaŵiri ndi achinyamata, amayi, ndi amene bipi sinakhalitse. Chaka chilichonse chimene timataya tikulemba mapiritsi a potaziyamu chimachotsa pa mwayi umenewo, chifukwa mitsempha ndi impso zikauma sizibwereranso mwakale. Wodwala auzidwe zimenezi asanasaine. Ndipo akatuluka ku opaleshoni, mapiritsi a potaziyamu ndi sipironolakitoni aimitsidwe, potaziyamu ayezedwe mlungu uliwonse kwa mwezi, popeza adirino yotsalayo inali itagona ndipo ikachedwa kudzuka potaziyamu amakwera mowopsa.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukuganiza pofika pano: kuti zipatala zambiri zilibe mayeso a renini, kulibe wotenga magazi a m'mitsempha ya adirino, ndiye kulemba zonsezi n'kudzivutitsa. Ine ndikuona mosiyana. Ngakhale kumene zonse zilipo, anthu sayezedwa. Kafukufuku wina wa asilikali opuma ntchito ku United States, amene anatuluka mu 2021, anapeza kuti pa odwala oposa 269,000 a bipi yokana mankhwala, amene anayezedwa matendawa sanafike 2 pa 100. Chimene chikusowa kwambiri ndi kuganizira, ndipo kuganizira kumayamba ndi zimene zalembedwa m'buku limene dokotala wachinyamata amatsegula usiku ali yekha. Komanso gawo lalikulu la odwalawa, onse a ma adirino awiri ndi onse osafuna kapena osatheka opaleshoni, chithandizo chawo ndi mankhwala akale odziwika bwino, sipironolakitoni, amene amatseka pamene aludositeroni imagwira.

Tibwerere kwa mayi uja ngati opaleshoni palibe. Ayambe sipironolakitoni 25 mg kamodzi pa tsiku, kapena 12.5 mg ngati impso zake ndi zofooka. Mapiritsi a potaziyamu achepetsedwe n'kusiyidwa, apo ayi potaziyamu adumpha kuchoka kutsika kupita kukwera, makamaka poti akumwanso enalapirili. Potaziyamu ndi kiriyatinini ziyezedwe patatha mlungu umodzi, kenaka patatha mwezi, ndiponso nthawi iliyonse mlingo ukasintha. Bipi sitsika tsiku limodzi, imatenga masabata angapo, ndiye mlingo usakwezedwe mopupuluma. Ambiri amakhazikika pakati pa 25 ndi 100 mg. Cholinga ndi potaziyamu wa kumtunda kwa mlingo woyenera popanda mapiritsi owonjezera, bipi yotsika, ndipo kumene kuli kotheka, renini yodzukanso kupitirira 1. Chomalizachi chili ndi chifukwa: kafukufuku wa 2018 anaonetsa kuti odwala amene renini yawo inakhalabe yotsika ali pa mankhwalawa ankadwalabe mtima kuposa anzawo, kutanthauza kuti mlingo unali wosakwana. Tsopano mchere achepetse ndithu, chifukwa mankhwalawa amagwira bwino mchere ukachepa.

Kiriyatinini akakwera pang'ono poyamba, musathamangire kunena kuti mankhwala awononga impso. Aludositeroni yochuluka imakakamiza impso kusefa mopitirira, motero imabisa kuwonongeka kumene kunalipo kale. Mukaitseka, nambala yeniyeni imaonekera. Chofunika n'kuyang'anira, osati kusiya mankhwala mwamantha. Koma potaziyamu akapitirira 5.5, mlingo utsitsidwe kapena uimitsidwe, ndipo wodwala auzidwe kuti akatsekula m'mimba kapena kusanza kwambiri aime kaye kumwa, abwere adzayezedwe.

Zovuta za mankhwalawa zinenedwe poyera. Mwa abambo mabere amatha kukula ndi kupweteka, ndipo mphamvu za m'banja zimatha kuchepa, makamaka mlingo ukakwera. Bambo amene sanachenjezedwe sadzadandaula, adzangosiya kumwa mwakachetechete, ife n'kumadabwa kuti bipi yakweranso bwanji. Mwa amayi msambo umasokonekera, ndipo mayi amene angatenge pakati afunika kukambirana naye za kulera, popeza sipironolakitoni ndi enalapirili onse si oyenera pa mimba. Pa odwala otere pakufunika njira yachiwiri pa mndandanda wanu wa mankhwala: epulerenoni, amene alibe zovuta zambiri zotero koma ndi wofooka pang'ono ndipo amamwedwa kawiri pa tsiku, kapena amiloraidi.

Kumene mayeso a homoni kulibiretu, lembani njira yoti dokotala atsate mosabisa. Munthu wa bipi yokana mankhwala atatu ndi potaziyamu wotsika, impso zikugwira bwino, ayambe sipironolakitoni akuyang'aniridwa potaziyamu. Kafukufuku wa PATHWAY-2 wa ku Britain mu 2015 anaonetsa kale kuti pa bipi yokana mankhwala, sipironolakitoni ndiye mankhwala achinayi ogwira bwino kuposa bisopurololu ndi dokisazosini. Koma njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo sindibisa. Kutsika kwa bipi sikutsimikiza matenda, ndipo munthu akayamba mankhwalawa mayeso a m'tsogolo amavuta. Choncho wachinyamata wa potaziyamu wotsika kwambiri, amene mwayi wake wochira ndi opaleshoni ndi waukulu, atumizidwe kaye kumene angayezedwe, kapena magazi ake atengedwe asanameze piritsi loyamba. Sikofunika kuti chipatala chilichonse chikhale ndi makina. Labotale imodzi yodalirika ndi njira yotumizira madzi a magazi oumitsidwa zikhoza kutumikira zipatala zambiri.

Pali chenjezo limodzi limene ndikufuna likhale pafupi ndi chiganizo ndapempha chija, kuopa kuti chingamveke molakwika. Potaziyamu wotsika ndi chizindikiro champhamvu, koma potaziyamu wabwino sachotsa matendawa. Ambiri mwa odwala aludositeroni yochuluka ali ndi potaziyamu wabwinobwino; wotsika amapezeka mwa ochepera theka. N'chifukwa chake malangizo a 2016 anatchulanso magulu ena oyenera kuyezedwa, monga a bipi yokana mankhwala, a bipi yopitirira 150/100 mobwerezabwereza, a chotupa cha adirino chopezeka mwangozi, obanika kutulo, ndi amene m'banja mwawo muli sitiroko kapena bipi yoyamba asanafike zaka 40. Malangizo atsopano a 2025 afika polimbikitsa kuti aliyense wa bipi yokwera ayezedwe. Ine sindikukupemphani kuti muyambire pamenepo. Yambirani pa amene magazi awo akukuwa kale, popeza ndi amene matenda awo ali aakulu ndipo ambiri mwa iwo ndi a kachotupa kochotseka.

Ngakhale potaziyamu weniweniyo timamuphonya nthawi zina chifukwa cha katengedwe ka magazi. Lamba akamangidwa pa mkono nthawi yaitali, wodwala akuuzidwa kuti afumbate ndi kufumbatula dzanja, minofu imatulutsa potaziyamu. Magazi akakokedwa mwamphamvu ndi singano yaing'ono, kapena botolo likagona maola ambiri lisanapatulidwe, kapena likaikidwa m'firiji losapatula, maselo ofiira amatulutsa wawo. Munthu wa 3.1 amalembedwa 3.7, aliyense n'kupuma. Izi sizifuna ndalama, zimafuna kuti wophunzitsa anamwino ndi otenga magazi azinene, ndi kuti labotale ilembe pa lipoti ikaona kuti magazi anaphwanyika.

Ndiye pempho langa lafika pa desiki panu motere. Potaziyamu ayezedwe mwa aliyense wa bipi asanayambe okodzetsa, ndiponso patatha masabata angapo atayamba. Lipoti lililonse la potaziyamu wosafika 3.5 mwa munthu wa bipi lituluke ndi mzere woti aganiziridwe za aludositeroni. Mapiritsi a potaziyamu akalembedwa kachiwiri kwa wodwala yemweyo, wa ku famase akhale ndi ufulu wofunsa ngati chifukwa chake chafufuzidwa. Sipironolakitoni asasowe pa shelefu, ndipo kulikonse kumene akuperekedwa pakhale njira yoyezera potaziyamu, chifukwa kupereka mankhwalawa popanda kuyeza n'kuika munthu pa ngozi ina. Ndipo mutchule m'bukumo, ndi dzina ndi njira yotumizira, kumene dokotala wa chipatala chaching'ono angatumize magazi a renini ndi aludositeroni, ndi kumene angatumize wodwala amene zotsatira zake zatuluka ngati za mayi wa zaka 42 uja.

Ine wanu,
Dokotala wa pa kiliniki ya bipi